Madzi tikuwiritsa koma alendo atsegulabe m'mimba, kodi vuto ndi ayisi?

NaPhiri_wa_khitchini
Moni nonse a pagulu pano. Ndabwera ndi nkhani yomwe yandisowetsa tulo. Ndimaphika pa loji ina cha ku Randburg kuno ku Joni, ya zipinda 14, ndipo chaka chino ndi chachinayi. Sabata yatha madzi a pampopi anasiya kutuluka masiku atatu. Thanki yathu ya malita 5,000 inatha tsiku lachiwiri, ndiye abwana anaitana munthu wina wa galimoto yogulitsa madzi kudzaidzaza. Madziwo anabwera ooneka bwino ndithu, koma ine mtima sunakhazikike, choncho onse akumwa ndinkawiritsa ndekha ndi kuika m'majagi. A tiyi, otsukira letesi, onse owiritsa.

Komabe alendo atatu a tebulo limodzi anadwala m'mimba, kutsegula ndi kusanza. Anali anayi, ndipo wachinayiyo sanadwale. Onse anadya chakudya chimodzi. Mnyamata wa kubala akuti wachinayiyo ankangomwa mowa wa m'botolo, pamene atatu aja ankamwa zakumwa zothira ayisi. Abwana akuloza chala kukhitchini kwanga. Ayisi amachokera m'makina omwe ali kuseri kwa bala, ndipo makinawo ali ndi sefa yawoyawo. Kodi ayisi angadwalitse munthu? Ndipo madzi amene atsala m'thankimo, pafupifupi malita 4,000, tiwatani?

Mjomba_wa_Rosettenville
Ayisi sangadwalitse munthu, achemwali. Kuzizira kwa muja palibe kachilombo kangakhale moyo. Fufuzani nkhuku kapena mayonezi.

Mlangizi_wakale
Achimwene a ku Rosettenville, pepani koma pamenepo mwaphonya. Kuzizira sikupha tizilombo, kumangotigoneka. Ayisi akasungunuka m'tambula timadzuka. Madzi oipa amabala ayisi woipa, basi.

Mayi a Phiri, ine ndinagwira ntchito ya ulangizi wa zaumoyo kumudzi zaka zingapo ndisanabwere kuno, ndipo kuno ndimayang'anira madzi pa malo ena odyera. Ndiyambe ndi za lero lomwe, zina pambuyo. Zimitsani makina a ayisi. Ayisi yense ali m'bokosimo mutaye, ngakhale achuluke bwanji. Kubala agwiritse ntchito ayisi wogula wa m'mathumba omata, kapena wopanga nokha m'mathireyi ndi madzi owiritsa. Musanatsuke chilichonse, tengani pepala loyera lopukutira m'manja, mupukute mkati mwa makina, makamaka pamene ayisi amagwera ndi kudenga kwa bokosi. Mutiuze zomwe muone papepalapo.

Ndifunsenso ziwiri. Sefa ya pa makinayo ndi yamtundu wanji, ndipo inasinthidwa liti?

NaPhiri_wa_khitchini
Zikomo a Mlangizi. Ndazimitsa. Ndapukuta monga mwanenera, ndipo pepala latuluka ndi zonanda zofiirira, pena zakuda, zoterera ngati ndere. Thupi langa lachita tsembwe. Sefayo ndi yakuda mkati, mnyamata wa kubala akuti ndi ya makala. Pali deti lolembedwa ndi peni, papita miyezi 19.

Pulambala_wa_ku_Ntcheu
Miyezi 19! Imeneyo si sefanso ayi, ndi nyumba ya tizilombo. Ine makina amenewa ndimawalumikiza m'malo odyera ndi m'maloji, ndiye ndifotokoze momwe zimakhalira. Sefa ya makala amaiika kuti ayisi asamanunkhe klorini, alendo asadandaule. Ntchito yake ndi kuchotsa kloriniyo. Ndiye ganizani, madzi akangodutsa pamenepo alibenso mlonda. Kuchokera pa sefa kukafika m'tambula ya mlendo, kachilombo kalikonse kamene kalowa kali pa ufulu. Makalawo nawo akakhalitsa amasunga litsiro, tizilombo n'kumaswana momwemo. Opanga makina ambiri amati sefa isinthidwe ndipo makina atsukidwe miyezi 6 iliyonse.

Nthawi zonse mumapulumuka chifukwa madzi a pampopi amafika ali otetezedwa kale. Tsiku limene munalowa madzi a galimoto, sefa ija sinathe kuletsa chilichonse, chifukwa makala sagwira tizilombo. Inu mumawiritsa kukhitchini, makina akumwa a m'thanki osawiritsa.

Mjomba_wa_Rosettenville
Chabwino, za kuzizirazo ndamva. Koma musathamangire kunena kuti ndi ayisi. Anthu atatu kudwala si umboni. Mwina anadya kwina masana.

Mlangizi_wakale
Apa ndiye mwanena zoona, achimwene. Umboni weniweni palibe mpaka atayeza. Koma zonanda zija zilipo, ndipo ziyenera kuchoka kaya ndi zomwe zinadwalitsa alendo kaya ayi.

Chikondi_wa_bala
Ine ndimagwira bala ku Melville. Kwathu vuto silinali makina koma ife tomwe. Chotapira ayisi tinkachisiya m'bokosi momwemo, chigwiriro chili pa ayisi. Munthu wagwira ndalama, wagwira chinsanza chopukutira tebulo, kenako wagwira chotapira. Ena ankatapa ndi tambula, ena kukwirira mabotolo a mowa mu ayisi yemweyo kuti azizire. Anabwera woyendera zaumoyo wa kukhonsolo, anangoona zimenezo n'kutilembera chenjezo. Pano chotapira chili ndi kabokosi kake kunja, chimatsukidwa madzulo aliwonse, ndipo ayisi woziziritsa mabotolo ali mu ndowa ina. Antiwo afunsenso mnyamata wawo kuti amatapa bwanji.

NaPhiri_wa_khitchini
Ndamufunsa. Chotapira chimagona mu ayisi momwemo. Ndipo wavomera kuti nayenso anatsegula m'mimba Lachisanu koma anabisa poopa kudulidwa malipiro. Iye amakonda kutafuna ayisi akamagwira ntchito.

Mlangizi_wakale
Ndiye nkhani yagawika pawiri. Mwina iye anadwala chifukwa cha ayisi, mwinanso ndiye anaipitsa ayisiyo ndi manja ake. Mumufunse tsiku limene anayamba kumva m'mimba, ngati ndi alendo asanadwale kapena atadwala kale. Ndipo musamukalipire, mayi, chifukwa akaopa adzabisanso. Munthu wotsegula m'mimba asagwire chakudya kapena ayisi mpaka patapita masiku awiri atachira.

Dalaivala_wa_Park_Station
Pepani kulowerera. Ngati makina awonongeka ndili ndi mnzanga amakonza mafiriji, amadzaza ndi gasi womwe. Mundipeze kumbali.

Pulambala_wa_ku_Ntcheu
Makina sanawonongeke, akulu. Akupanga ayisi bwinobwino. Nkhani ndi ya ukhondo wake.

Gogo_NaBanda
Ana anga, ine ndinagwira m'nyumba za azungu kuno zaka 22. Kuwiritsa kwa kuno si kwa kumudzi. Kuno n'kumtunda, madzi amawira asanatenthe kwenikweni, n'chifukwa chake nyemba zimachedwa kupsa. Ine ndimawiritsa mphindi 20, apo ayi sindimwa.

Mlangizi_wakale
Agogo, za kumtundazo mukunena zoona. Joni ali pamtunda wa mamita pafupifupi 1,750, ndipo madzi kuno amawira pa madigiri 94 kapena pafupi pamenepo, osati 100 ngati m'mbali mwa nyanja ya mchere. Nyemba zimaonadi kusiyanako. Koma tizilombo toyambitsa kolera, taifodi ndi kutsegula m'mimba timafa kale madzi asanafike pa 94. Chofunika n'choti madzi abwate kwenikweni, kugaduka moti ngakhale mutatakasa sakusiya, ndipo akhale choncho mphindi imodzi. Amene akufuna kukhazika mtima pansi afike mphindi zitatu. Mphindi 20 n'kungotha gasi, ndipo pa loji abwana akaona gasi akutha adzaletsa kuwiritsako.

Pamene pamalakwika kwambiri m'makhitchini ndi pa ketulo zazikulu zija za malita 20 zokhala ndi kampopi. Zili ndi chopotokola cha kutentha, ndipo zambiri zimazima zokha madzi asanabwate ngati simunapotokole mpaka kumapeto. Munthu amaona nthunzi n'kuganiza kuti awira. Vundukulani muone ndi maso. Kwinanso ndi pozizira. Madzi owiritsa alibe mankhwala owateteza, ndiye mukawathira mu ndowa yosavundikira, kapena kutungamo ndi kapu, mwabwerera pomwe munayambira. Azizire momwe mwawiritsiramo, chivundikiro chili pompo, kapena m'chigubu chotsuka cha kukamwa kwakung'ono. Otsala a dzulo musapatse alendo, apite kotsukira pansi.

Gogo_NaBanda
Mphindi imodzi ine ayi. Zitatuzo mwina. Ndakalamba nazo zanga.

WakuNkhataBay
Koma kunena zoona ife tinakula tikumwa a m'nyanja, kutunga ndi manja, osadwala. Amayi ankangoika mumtsuko, ozizira kuposa a mufiriji. Kuno chilichonse mankhwala.

Mayi_a_Tadala
Osadwala? Achimwene, kolera ya 2022 mpaka 2023 inapha anthu oposa 1,700 kwathu, ndipo maboma a m'mbali mwa nyanja anavutika kwambiri. Ine mwana wa mchemwali wanga anagona kuchipatala ku Mangochi masiku asanu, tinkangotumiza ndalama kuno tikulira. Ndipo musaganize kuti kuno n'kotetezeka. Ku Hammanskraal, kungodutsa Pretoria, anthu anafa ndi kolera mu 2023 momwemo.

WakuNkhataBay
Pepani mayi, sindinafune kupeputsa maliro a anthu. Ndimangokumbuka mtsuko wa amayi. Ndani angandibweretsere umodzi pa basi?

Dalaivala_wa_Park_Station
Mtsuko sufika, umasweka usanadutse ku Tete. Ndinayesapo kawiri. Koma usipa ndi ufa woyera ndimabweretsa.

Woyang'anira_gulu
Abale, za usipa zili ndi malo ake. Mayi a Phiri anafunsa za malita 4,000 ali m'thanki ndipo palibe wawayankha.

Mjomba_wa_Rosettenville
Zimenezo n'zosavuta. Loji ili ndi dziwe losambira eti? Atenge piritsi limodzi lalikulu la klorini wa padziwe, aponye m'thanki, nkhani yatha. Kapena jiki, sipuni imodzi yaing'ono pa malita 25, monga amanenera a zaumoyo kuno.

Mlangizi_wakale
Piritsi la padziwe ayi, chonde. Linapangidwa kuti lizisungunuka pang'onopang'ono m'madzi ochuluka kwambiri osambira, ndipo m'thanki simungadziwe mlingo umene munthu akumwa. Za jiki mwanena zoona, malangizo ake ndi amenewo, ndipo madziwo amayenera kukhala maola osachepera awiri asanamwedwe. Koma mlingo umenewo anaupangira munthu amene watunga pamtsinje ndipo alibe choyezera, ndiye ndi wamphamvu dala. Mukauthira m'madzi oyera a pa loji, alendo adzabweza jagi.

Tiwerengere limodzi, mayi a Phiri. Choyamba jikiyo akhale wamba, wopanda fungo la mandimu kapena maluwa, komanso osati wolimba ngati phala uja wotsukira kuchimbudzi. Muone pabotolo, palembedwe 3.5%. Zikatero, mililita imodzi ili ndi mamiligalamu 35 a klorini. Madzi ooneka oyera koma osadziwika kochokera timayamba ndi mamiligalamu awiri pa lita. Malita 4,000 akufuna mamiligalamu 8,000, ndipo tikagawa ndi 35 tikupeza mamililita pafupifupi 230, kapu imodzi yosadzaza bwino. Kuti musavutike mtsogolo, kumbukirani kuti ndi mamililita 57 pa malita 1,000 aliwonse.

Musathire jikiyo mwachindunji, chifukwa m'thanki madzi sayenda ndipo sasakanikirana msanga. Musungunule kaye mu ndowa ya madzi, mukhuthulire m'thanki, mutakase ndi paipi yoyera kapena muyatse pampu kuti madzi azungulire. Mudikire mphindi 30, kenako muyeze. Kuyezako ndiye mutu wa nkhani, kuwerengera kuja n'kongoyambira. Dothi ndi zinyalala za m'madzi zimadya klorini, ndiye zomwe mwathira si zomwe zimatsala. Pakatha mphindi 30 pazitsala mamiligalamu 0.5 pa lita, ndipo pampopi wakutali kwambiri pasachepere 0.2.

NaPhiri_wa_khitchini
Choyezera tili nacho cha mnyamata wa padziwe, chija amadonthezera mankhwala madzi n'kusanduka achikasu. Chingathandize?

Mlangizi_wakale
Chachikasucho chimangokuuzani kuti klorini alimo, osasiyanitsa amene akadali ndi mphamvu zonse ndi amene wagwirana kale ndi zinthu zina. Pitani kusitolo ya zipangizo za madziwe mufunse mapiritsi olembedwa DPD 1. Amasandutsa madzi kukhala apinki, ndipo mumafananiza mtunduwo ndi manambala a pa kabokosi. Muwerenge pomwepo, poyera, osadikira. Mugulenso DPD 3, ndikuuzani ntchito yake mukafika pamenepo.

Mayi_a_Tadala
Zimenezi zikundikumbutsa wotagadi wa kumudzi, kachivundikiro kamodzi pa ndowa ya malita 20. Koma amayi ankati madzi akakhala amatope uyambe wasefa pansalu, apo ayi mankhwala sagwira.

Pulambala_wa_ku_Ntcheu
Amayi anu ankadziwa. Pa loji nsaluyo ndi sefa yoyera ija yogwira dothi, ya mamaikironi asanu, ndipo malo ake ndi pamene madzi akutuluka m'thanki. Chimene ndimaona kawirikawiri n'choti anthu amaika sefa ya makala pomwepo, kunja, kuti nyumba yonse madzi azikoma. Akatero ndiye kuti mapaipi onse a loji, mpaka kuzipinda zomwe sizigonedwa sabata yathunthu, muli madzi opanda chowateteza. Makala azikhala kumapeto kwenikweni, pafupi ndi pomwera. A Phiri, kunja kwanuko kuli masefa angati, amtundu wanji?

NaPhiri_wa_khitchini
Kunja kuli imodzi yokha, yomwe inali yoyera koma pano ndi yofiira ngati njerwa. Ya makala ili pa makina a ayisi pokha.

Ndabwera ndi zotsatira. Abwana anavomera kugula mapiritsi aja. Ndisanathire kanthu ndinayeza a m'thanki, sanasinthe mtundu ngakhale pang'ono. Ndinathira mamililita 230 monga munanenera, ndinadikira mphindi 30, ndipo zinaonetsa 0.2 yokha. Patatha maola awiri panalibenso kanthu. Ndalakwitsa pati?

Mlangizi_wakale
Simunalakwitse, thanki yakuuzani zoona zake. Zifukwa zingakhale ziwiri. Mwina jiki wanu ndi wakale kapena amakhala padzuwa, chifukwa amatha mphamvu akakhalitsa. Mwinanso, ndipo ine ndikukhulupirira ichi, pansi pa thanki pali matope amene akudya kloriniyo. Muunike ndi tochi kuchokera pachivundikiro.

NaPhiri_wa_khitchini
Jiki ndi watsopano, ndinatsegula dzulo. Mnyamata wa m'munda wakwera ndi tochi. Akuti pansi pali matope okwana chala chimodzi kuzama, ndi masamba. Chivundikiro sichitsekeka bwino, ndipo paipi yotayira madzi akadzaza ilibe kaukonde.

Pulambala_wa_ku_Ntcheu
Ndiye musawonongenso jiki. Madziwo athirire maluwa ndi kugujumulira zimbudzi, thanki itsukidwe. Polowera masamba, abuluzi ndi ndowe za mbalame zimalowanso. Koma ndichenjeze, mnyamatayo asalowe m'thanki yekha ndi ndowa ya jiki. Mpweya wa mmenemo umakomola munthu. Thanki ya malita 5,000 imatsukika munthu ali panja, ndi burashi ya mtengo wautali ndi paipi ya madzi, potulukira pansi pali potsegula.

Za makina a ayisi, pali ntchito ziwiri zosiyana ndipo zisasakanizidwe. Yoyamba ndi kuchotsa zoyera zolimba zija zomata pa zitsulo, ndi mankhwala ake a makinawo omwe ndi asidi. Mukatha mutsukuluze bwinobwino. Yachiwiri ndiye kupha tizilombo. Asidi uja akakumana ndi jiki, ngakhale viniga amene, pamatuluka mpweya woopsa, ndipo kuseri kwa bala n'kopanikiza. Zonanda zija muyambe mwazikwecha ndi burashi ndi sopo, chifukwa jiki sadutsa pa zonanda, amangopsereza pamwamba. Zonse zochotseka muzichotse muzitsukire mu sinki. Sefa yatsopano, deti lilembedwe, ndipo ayisi woyamba kugwa maulendo awiri kapena atatu atayidwe.

Mlangizi_wakale
Ndiwonjezere mlingo wa jiki wotsukira, chifukwa apa anthu amasokoneza. Wopukutira bokosi la ayisi ndi chotapira ndi sipuni yaing'ono imodzi pa lita imodzi. Wothira m'madzi akumwa mwadzidzidzi ndi sipuni yomweyo pa malita 25. Sipuni ndi imodzi koma madzi ndi osiyana kutali. Lembani papepala mumate pakhoma, kuti wolowa usiku asasinthanitse.

Chikondi_wa_bala
Kwathu abwana anangogula nyale ija ya UV yopha tizilombo m'madzi ndi kuwala kwake, akuti ikakhalapo palibenso za jiki. Bwanji antiwo osangouza abwana awo agule imeneyo?

Pulambala_wa_ku_Ntcheu
Nyaleyo ndi yabwino, ndimaiika. Imapha ngakhale tizilombo tina touma mutu tomwe klorini amatilephera. Koma imafuna madzi oyera mbee, chifukwa kachilombo kakabisala kuseri kwa dothi kuwala sikukapeza. Magetsi akazima madzi amangodutsa osatetezedwa, pokhapokha ili pa batire. Babu lake limasinthidwa chaka chilichonse ngakhale likuyakabe, chifukwa mphamvu imatha kuwala kusanathe. Ndipo siitsuka bokosi la ayisi. Yanuyo babu munasintha liti, Chikondi?

Chikondi_wa_bala
Sindinaonepo akusintha. Ndifunsa mawa.

Bambo_a_ku_Roodepoort
Ndilowetseko yanga. Kwathu tili ndi mjigo wa pampu, madzi ake oyera koma amasiya dzimbiri mu sinki ndipo amakoma ngati chitsulo. Ndikawiritsa ndi kuthira jiki monga mukunenera, alendo angamwe?

Mlangizi_wakale
Bambo, yanuyo ndi nkhani ina. Kuwiritsa ndi klorini zimalimbana ndi zamoyo zokha. Zitsulo ndi michere yosungunuka m'madzi sizichoka, ndipo mukawiritsa nthawi yaitali zimangochulukana chifukwa madzi akuphwera. Dera lanulo ndi la migodi yakale ya golide, ndipo madzi a pansi m'madera ena otero ndi oipitsidwa. Mwina anuwo ndi dzimbiri chabe, koma lilime silingakuuzeni. Apite ku labotale akayezedwe zonse molingana ndi SANS 241, womwe ndi muyezo wa madzi akumwa m'dziko muno. Zotsatira zisanabwere, alendo amwe a pampopi kapena a m'botolo.

Bambo_a_ku_Roodepoort
Eni ake akuti mjigowo anayezetsa pokumba, zaka zisanu ndi chimodzi zapitazo.

Mlangizi_wakale
Madzi a pansi amasintha. Ine sindingapatse mlendo ndi pepala la zaka zimenezo.

NaPhiri_wa_khitchini
Moni kachiwiri, papita masiku asanu. Thanki inatsukidwa, chivundikiro anakonza, kaukonde anaika, masefa onse awiri ndi atsopano. Makina tinatsuka ine ndi mnyamata wa kubala, zinatitengera theka la tsiku, ndipo zomwe zinatuluka m'kapaipi ka madzi sindingazifotokoze. Madzi a pampopi anabwerera ndipo thanki yadzaza ndi amenewo. Koma ndasokonezeka. Ndayeza a pampopi enieniwo, asanalowe m'thanki, ndipo DPD 1 ikungoonetsa kapinki kosaoneka bwino, mwina 0.1. Ndiye kuti nawonso alibe mankhwala?

Mlangizi_wakale
Apa ndiye pa ntchito ya piritsi lachiwiri lija. M'madzi omwewo amene mwaikamo DPD 1, onjezeranimo DPD 3, mudikire mphindi ziwiri, muwerengenso.

NaPhiri_wa_khitchini
Asanduka apinki kwambiri! Pafupifupi 1.0.

Mlangizi_wakale
Ndiye ali bwino. Madzi a mu Joni amachokera kwambiri ku damu la Vaal, amayeretsedwa ndi a Rand Water, ndipo popeza ulendo wake wa m'mapaipi ndi wautali, panjira amawonjezeramo klorini wophatikiza ndi amoniya pang'ono. Ameneyu sapha msanga ngati klorini wamba koma amakhalitsa, ndipo DPD 1 payokha simuona bwino. Choncho a pampopi muziyeza ndi mapiritsi onse awiri. Mukayezanso chimodzimodzi pampopi wa kukhitchini, madzi atadutsa m'thanki, mudzadziwa kuchuluka kwa amene akutayika panjira. Ngati nambala ikutsika mpaka kutha, ndiye kuti madzi akukhalitsa m'thanki.

Musathamangire kuthira jiki m'madzi amenewa mukaona 0.1. Jiki pang'ono akakumana ndi amoniya uja amadyana, fungo limakula, ndipo nambala imatha kutsika m'malo mokwera. Mlingo wa mamililita 57 uja usungeni wa tsiku limene mwalandira madzi a galimoto, ndipo tsiku limenelo muyeze madziwo asanatsitsidwe.

Pulambala_wa_ku_Ntcheu
Pa kukhalitsapo ndifunse. Thanki yanu madzi amadutsamo tsiku lililonse, kapena imangodikira tsiku la mavuto?

NaPhiri_wa_khitchini
Imangodikira. Amatsegula vavu madzi akasiya.

Pulambala_wa_ku_Ntcheu
Ndiye ngakhale galimoto ija isanabwere, tsiku loyamba lija munkamwetsa makina madzi ogona miyezi pa matope. Ilumikizidwe kuti madzi onse a loji azidutsa m'thanki, azisinthika masiku awiri kapena atatu alionse.

Mjomba_wa_Rosettenville
Apo sindikugwirizana nanu. Mukatero pampu iziyaka tsiku lonse, magetsi akazima ndiye mulibe madzi pamene a pampopi alipo. Ndipo thanki ikadetsedwa mwadetsa nyumba yonse. Bola kuikhuthulira kumaluwa kamodzi pa sabata n'kudzazanso.

Pulambala_wa_ku_Ntcheu
Pamakhala vavu yolambalala, akulu. Koma kukhuthula kwa sabata ndi sabata ndani adzakumbukire mwezi wachitatu?

Mjomba_wa_Rosettenville
Yemweyo amene adzakumbukire kusintha sefa.

Mayi_a_Tadala
Nanga alendo aja, zinadziwika kuti chinawadwalitsa n'chiyani?

NaPhiri_wa_khitchini
Ayi mayi. Ayisi wakale uja ndinataya yense tsiku loyamba, osasungako woti akayeze. Mnyamata wa kubala akuti iye anayamba kumva m'mimba Lachinayi usiku, alendo anadwala Lachisanu m'mawa, ndiye sizikutithandiza kusiyanitsa. Alendowo anachira, mmodzi anapita kukiliniki. Abwana asiya kunena za khitchini yanga ataona pepala la zonanda lija, koma za labotale akuti n'zodula.

Mlangizi_wakale
Kusasunga ayisiyo vuto ndi langa, ndinakuuzani kuti mutaye osakuuzani kuti mupatuleko thumba limodzi mufiriji. Pepani. Koma kuyeza kukufunikabe, chifukwa mapiritsi aja amakuuzani za klorini, osati za tizilombo, ndipo mu ayisi mulibe klorini woti muyeze. Auzeni abwana kuti simukupempha kuyeza zonse ngati za mjigo. Ndi E. coli basi, kachilombo kosonyeza kuti madzi aipitsidwa ndi chimbudzi, pa zinthu ziwiri, madzi a pampopi wa kukhitchini ndi ayisi wa m'bokosi, wotapa ndi chotapira chomwe mumagwiritsa ntchito. Muyezo umati asapezeke ngakhale mmodzi pa mamililita 100. Mabotolo mukatenge ku labotale komweko, musawatsukuluze chifukwa mumakhala kamankhwala kozimitsa klorini, musagwire kukamwa kwake, muwanyamule m'bokosi lozizira ndipo afike tsiku lomwelo. Muwakumbutsenso kuti khitchini ya loji imayendera chiphaso cha zaumoyo cha pansi pa lamulo la R638 la 2018, ndipo woyendera akabwera atamva za alendo odwala adzafuna kuona zimene munachitapo.

NaPhiri_wa_khitchini
Ndayamba kale kope. M'mawa uliwonse ndikulemba manambala a pampopi wa panja ndi a kukhitchini, Lolemba lililonse pepala lopukutira m'makina. Za labotale ndiwauza madzulo ano akabwera. Pakadali pano makina ayaka koma ayisi wake tikungoziziritsira mabotolo, wa m'tambula ndikupangabe wa m'mathireyi. Akundipweteketsa msana, mathireyi 16 patsiku.

Gogo_NaBanda
Mathireyiwo uziwavundikira, mwanawe, ndipo asakhale pansi pa nyama yaiwisi mufirijimo. Magazi amadontha.

NaPhiri_wa_khitchini
Ali pa shelefu yapamwamba, agogo, koma ovundikira ayi. Ndipita ndikawaphimbe pompano.